Kumutu, pamimba, kumchira: kakalata ka Madamu Nachisale kwa ana a Sitandade 7

Madamu Nachisale: Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga. Ndabwera ndi kanthu koti mundiunikire. Lachiwiri ndinapatsa ana anga a Sitandade 7 ntchito ya aneni, ziganizo khumi zoti adzaze m'mipata ndi mneni yemwe ndinamulemba pambali. Ana alipo 88, koma okhoza zonse sanakwane ndi khumi omwe. Chomwe chinandiwawa n'chakuti nditabweza makope n'kuwauza kuti aliyense awerenge mokweza zomwe analemba, ambiri ankadzikonza okha ine ndisanatsegule pakamwa. Ndiye kuti Chichewa akuchidziwa. Vuto ndi loti mawu aja timakonda kunena akuti "onaninso ntchito yanu" sawauza choti aone. Mwana amangoyendetsa maso patsamba, n'kutseka kope. Ndiye ndalemba kakalata aka koti ndikamate pakhoma, iwo akakakopere kuchikuto cha kope.

"Ana anga, musanandipatse kope, mneni aliyense amene mwalemba mumugwire malo atatu, monga mmene amayi anu amagwirira chambo pamsika asanalipire: kumutu, pamimba ndi kumchira.

Yambani mwawerenga chiganizo chonse chapansipansi, kuchokera pa mawu oyamba mpaka pa mpumiro, yankho lanu lili momwemo.

Kumutu. Dzifunseni kuti chiganizochi chikukamba za ndani kapena za chiyani. Jambulani mzere kunsi kwa dzinalo, ndipo muone ngati phatikizo loyamba la mneni likugwirizana nalo. Mwana a-, mtengo u-, khasu li-, chitseko chi-, mbuzi imodzi i-, mbuzi zambiri zi-.

Pamimba. Funani mawu onena nthawi ndipo muwazinge. Dzulo amafuna -na- kapena -da-. Panopa amafuna -ku-. Mawa amafuna -dza-. Tsiku lililonse amafuna -ma-.

Kumchira. Ngati mneni mwamusintha, onani lembo la liwu la m'tsinde. Likakhala a, i kapena u, mchira uyambe ndi i: mangidwa, phikira, gulitsa. Likakhala e kapena o, mchira uyambe ndi e: lembedwa, ombera, konzetsa.

Mukapeza cholakwa musafufute ndi malovu. Dulani ndi mzere umodzi, lembani cholondola pamwamba."

Ndi kameneko. Chasowamo n'chiyani?

Tiyamike: Madamu, ine ndili pa maphunziro oyeserera kuphunzitsa ndipo ndandikopera kale. Za mchirazo ine ndinazigwira mwachidule chonchi: ungoona lembo la liwu loyamba la mneni, basi wadziwa. Lemba, e, ndiye lembedwa. Phika, i, ndiye phikidwa. Mwina muwonjezere mawu oti "loyamba" kuti ana asamasochere.

A Mbewe: Mwana wanga Tiyamike, wayandikira koma sudafike. Lamulo lakolo limayenda bwino pa aneni aafupi, chifukwa m'tsinde mwawo lembo la liwu limakhala limodzi lokha, loyamba ndi lomaliza n'lomwelo. Tayesa pa tsekula. Loyamba ndi e. Kodi timati chitseko chatsekuledwa? Ayi, timati chatsekulidwa, chifukwa cholamula ndi u uja wayandikana ndi mchira. Tayesanso sonkhana. Loyamba ndi o, koma mfumu imasonkhanitsa anthu, sisonkhanetsa. Ndiye Madamu, mawu owonjezera m'kakalatamo akhale akuti "lomaliza". Mwana aphimbe ndi chala a wa kumapeto kwa mneni, kenaka abwerere m'mbuyo mpaka akumane ndi lembo la liwu. Loyamba kukumana nalo ndilo mwini mchira.

Tiyamike: Aa, zikomo bambo. Tsekuledwa ndikanamuphunzitsa ndithu Lolemba likubwerali.

Madamu Nachisale: Zikomo a Mbewe, ndalemba. Zophimba a ndi chala ndazikonda chifukwa ndi chinthu choti mwana achite ndi dzanja, osati kungoganiza. Ndikupatseni funso lomwe linagwetsa ambiri kuti muone chomwe ndikulimbana nacho. Linali la nambala 4:

Mbuzi za agogo ______ ndi afisi dzulo usiku. Mneni wake: idya.

Ndinkafuna zinadyedwa kapena zidadyedwa. Zomwe ndinalandira zinali za mitundu inayi. Gulu lalikulu linalemba anadyedwa. Ena zinadya. Ena zinadyidwa. Ochepa zidzadyedwa.

Bambo a Dalitso: Pepani aphunzitsi, ine ndine kholo chabe, ndili m'komiti ya sukulu. Ngati vuto ndi kuchonga makope 88, bwanji osangowauza anawo asinthane makope, wina achonge la mnzake? Ife kale tinkatero ndipo mphunzitsi ankangowerenga mayankho.

Madamu Nachisale: Bambo a Dalitso, kuchonga sikukundilemera ayi. Ndikufuna mwana azigwira yekha cholakwa chake kope lisanachoke m'manja mwake. Tsiku la mayeso a MANEB ku Sitandade 8 sipadzakhala mnzake wosinthana naye.

Bambo a Dalitso: Oho, ndamva tsopano. Ndiye pitirizani, ndikufuna ndidziwe chomwe chalakwika ndi anadyedwa, chifukwa nanenso poyamba ndinaona ngati ali bwinobwino.

A Mbewe: Bambo a Dalitso, mwatithandiza poulula zimenezo, chifukwa mmene mwaonera inumo ndi mmenenso adaonera anawo. Diso likafika pampata, mawu omwe langowadutsa kumene ndi agogo. Dzanja limalemba a- kutsatira agogo. Koma chiganizo sichikukamba za agogo, chikukamba za mbuzi. Mawu akuti "za agogo" angobwera kudzatiuza mwini wa mbuzizo. Mwana wolemba anadyedwa wanena kuti afisi adadya agogo.

N'chifukwa chake mzere wa kunsi kwa dzina uja ndi wofunika kuposa zonse m'kakalatamo. Koma Madamu, ndikupempheni muwonjezere njira yopezera dzinalo, chifukwa mwana akhoza kujambula mzere kunsi kwa agogo n'kukhutira. Ine ndinkawauza kuti aphimbe mawu a pakati, awerenge dzina ndi mneni moyandikana. Mbuzi anadyedwa. Khutu limakana nthawi yomweyo. Mbuzi zinadyedwa. Khutu lavomera.

Pali kenanso pa mbuzi. Mayina a gulu la I-Zi sasintha akachuluka. Mbuzi imodzi ndi mbuzi, khumi ndi mbuzibe. Ndiye dzina palokha silikuuza ngati ulembe i- kapena zi-. Chokuuza ndi kamawu kotsatira. "Mbuzi za agogo" ndi zambiri, zinadyedwa. "Mbuzi ya agogo" ndi imodzi, inadyedwa. Choncho mawu a pakati aja uwaphimbe utayamba wawaona.

Madamu Jere: Ndilowereko. Ine ndimaphunzitsa ku mpoto, ana anga kunyumba amayankhula Chitumbuka, Chichewa amakumana nacho m'kalasi ndi pa wailesi. Izi zoti "khutu limakana" kwa ife sizigwira kwenikweni. Mwana akhoza kuwerenga "khasu inathyoka" kasanu konse osamva chachilendo. Kakalataka kakudalira mwana yemwe Chichewa anayamwira.

A Mbewe: Mwanena zoona Madamu Jere, ndipo sindikutsutsani. Kwa ana anuwo khutu lilowedwe m'malo ndi kuchulukitsa dzina. Mwana asaloweze kuti khasu limatenga li-, aloweze awiriawiri: khasu, makasu. Dzina lomwe likachuluka limatenga ma- ndipo likakhala limodzi siliyamba ndi u-, kawirikawiri ndi la gulu la Li-Ma: khasu linathyoka, dzira linasweka, tsamba linagwa. Mtengo, mitengo, ndi Mu-Mi: mtengo unagwa. Mwana, ana, ndi Mu-A. Akadziwa kuchulukitsa, gulu ladziwika, ndipo mutu wa mneni wadziwika.

Madamu Jere: Zimathandiza, koma osati paliponse. Fodya achulukitse bwanji? Katundu? Anyezi? Ana anga amalemba "katundu inafika" ndi "anyezi anakwera mtengo" ngati kuti ndi anthu ambiri.

A Mbewe: Amenewo alibe njira yachidule. Fodya, katundu ndi anyezi amayenda ngati mwana, ngakhale si anthu: katundu wafika, fodya wauma, anyezi wakwera mtengo. Chonde onani kuti "anyezi anakwera mtengo chaka chatha" ndi wolondola, chifukwa mwananso timati anakwera. Cholakwa chimaonekera pa nthawi inayo, mwana akalemba "anyezi akwera" m'malo mwa "wakwera". Mayina otere ndi owerengeka. Alembeni papepala lapadera pakhoma, ana aziwaona tsiku ndi tsiku.

Madamu Jere: Chabwino, ndiyesa. Komabe ndikuona kuti kwa ana anga gawo la kumutu lokha likufunika sabata yathunthu ndisanawapatse zitatu zonse.

Che Saidi: Ine ndili ndi nkhawa ina, ya nthawi. Piriyodi ndi yaifupi. Ana akopere mafunso khumi kuchokera pabolodi, poti mapepala osindikiza tilibe, ayankhe, kenaka mneni aliyense amugwire katatu. Ndiye kugwira makumi atatu. Belu lilira ali pa funso lachitatu. Ndinayesapo zofanana ndi zimenezi, ndinawauza kuti aziika kachizindikiro kochonga pambali akaonanso yankho. Anangochonga mizere yonse khumi m'kamphindi, osawerenga n'komwe.

Madamu Nachisale: Che Saidi, zochongazo nanenso zinandikanika, n'chifukwa chake ndasankha mzere ndi kuzinga. Kuchonga mwana akhoza kuchita maso ali panja. Koma kuti ajambule mzere kunsi kwa dzina ayenera kulipeza kaye. Ndipo ine pochonga ndimaona pomwe wasokonekera. Mzere ukakhala pa agogo, ndadziwa kuti vuto ndi kupeza mwininkhani. Mzere ukakhala pa mbuzi koma walemba anadyedwa, vuto ndi agwirizanitsi. Awa ndi matenda awiri osiyana, mankhwala akenso ndi osiyana.

Za nthawi mwanena zoona. Ndikuganiza zochepetsa mafunso akhale asanu ndi limodzi, mphindi zomalizira zikhale zoonanso basi, zolembera zili m'manja koma osayamba funso latsopano.

A Gondwe: Langizo langa ndi loti asamagwire mneni mmodzi katatu n'kupita pa wina. Ayende ulendo woyamba kuona mitu yokha, kuyambira funso 1 mpaka lomaliza. Ulendo wachiwiri mimba zokha. Wachitatu michira. Mutu wa mwana ukagwira funso limodzi, monga lakuti "dzina lili kuti", umathamanga. Ukamasinthasintha mafunso umatopa msanga. Ndiponso belu likalira ali pakati, mitu yonse amakhala ataiona, ndipo m'kalasi mwanga zolakwa zambiri zimakhala kumutu komweko.

Che Saidi: Izi ndiye zanzeru. Koma mwana wochedwa kulemba sadzafikako kumchira chaka chonse.

A Gondwe: Masiku ena muziwauza kuti lero tiyambira kumchira.

Tiyamike: Funso langa lili pa idya uja. A Mbewe mwati tiphimbe a wa kumapeto tibwerere m'mbuyo. Pa idya ndikaphimba a ndikukumana ndi i. Ndiye lamulo likuti dyidwa. Ana omwe analemba zinadyidwa aja sanalakwe lamulo, analitsata.

A Mbewe: Waona bwino kwambiri, ndipo apa Madamu andikhululukire, msampha adautchera ndi mmene mneniyo adalembedwera pabolodi. I wa mu idya si wa tsinde. Timamuika polamula pokha, chifukwa pakamwa sipafuna kutchula phatikizo limodzi lokha: idya, imwa, ipha, iswa. Tsinde lenileni ndi -dya. Umboni wake ndi woti timati kudya, osati kuidya. Ukaphimba a pa -dya, kumbuyo kulibe lembo la liwu ngakhale limodzi. Aneni otere a phatikizo limodzi amatenga e: dyedwa, dyera, dyetsa. Mwedwa, mwera, mwetsa. Phedwa, phera. Gwera, gwetsa. Bedwa, bera. Swedwa, sweka. Fera. Thera.

Ndiye pabolodi mneni azilembedwa ndi ku- patsogolo, kudya, kapena ndi kamzere, -dya. Ndipo m'kakalata muikemo mzere umodzi wa aneni aafupiwa.

Madamu Nachisale: Ndavomera, pamenepo vuto linachokera pabolodi. Amene analemba zinadyidwa ndiwabwezera malikisi awo, chifukwa mutu ndi mimba anakhoza.

A Gondwe: Ine sindikanabweza. Dyidwa si Chichewa, ndipo mwana amayenera kumva yekha kuti palibe amayankhula choncho.

Madamu Jere: Wanu amamva, a Gondwe. Wanga samva.

Bambo a Dalitso: Nanga omwe analemba zinadya aja? Mbuzi zinadya ndi afisi. Mutu uli bwino, mimba ili bwino, mchira sanausinthe n'komwe ndiye palibe choona. Kakalata kanu kawadutsitsa amenewa.

Madamu Nachisale: Eya! Bambo a Dalitso mwagwira penipeni. Ndinalemba kuti "ngati mneni mwamusintha", osaganiza za mwana yemwe sanamusinthe pomwe amayenera kutero.

A Mbewe: Pamenepa pakufunika funso limodzi lisanafike la malembo a liwu: dzina lija ndajambula mzere, ndi lomwe likuchita, kapena zikulichitikira? Mbuzi sizidadye kanthu, zidadyedwa. Chizindikiro chake chili kutsogolo kwa mpata: "ndi afisi". Ukaona ndi, kenaka dzina la yemwe wachita ntchitoyo, mneni akufuna -idwa kapena -edwa. "Zinadya ndi afisi" likumveka ngati mbuzi ndi afisi zidakhala pamodzi n'kumadya.

Pomwepanso mpomwe ana amasokoneza -edwa ndi -eka. Mbale yasweka, sitikunena yemwe waswa. Mbale yaswedwa ndi Chikondi, tamutchula. Sitinena kuti mbale yasweka ndi Chikondi.

Che Saidi: Koma timati nthambi yathyoka ndi mphepo. Pali ndi, pali dzina, koma mneni ndi wa -oka.

A Mbewe: Timaterodi. Mphepo pamenepo tikuitenga ngati chifukwa, osati ngati munthu wochita dala. Kwa ana a Sitandade 7 ine ndikadangoti: akakhala munthu kapena nyama, lembani -dwa. Za mphepo, mvula ndi dzuwa musaziike pa ntchito yolemba mpaka mutakambirana nawo pakamwa.

Che Saidi: Sindinakhutire kwenikweni, chifukwa mwana wochenjera adzafunsa, koma pa kakalata ka pakhoma ndavomera.

Tiyamike: Pamimba palibe wanenapo. Ine pondiyesa kalasi, mphunzitsi yemwe amandiyang'anira anandidula nditalemba "anapita" pabolodi, akuti Chichewa cholemba ndi "adapita". Madamu mwalemba kuti -na- kapena -da-. Ndiye zoona ndi ziti?

A Mbewe: Ife tidaphunzira nthawi ya bungwe loona za Chichewa lija lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo tidakula tikudziwa kuti zakale zimalembedwa ndi -da-. -Na- tinkamusungira zomwe zachitika posachedwa, monga lero lomwe m'mawa. Mpaka lero dzanja langa limalemba adapita. Ndikadakhala ine, kakalatako kakadati chaka chatha amafuna -da-.

A Gondwe: Koma bambo, tsegulani nyuzipepala kapena mverani nkhani pa wailesi, -na- ali ponseponse pa zinthu za zaka makumi angapo zapitazo. Kuno kummwera mwana amati "ndinabadwa mu 2012", ndipo sanalakwe. -Da- amamveka kwambiri m'chigawo chapakati. Tikamudula mwana pa chimenechi tikumulanga chifukwa cha kwawo.

A Mbewe: Sindikunena kuti adulidwe. Ndikunena kuti adziwe kuti pali ochonga ena omwe amayembekezera -da-.

Madamu Nachisale: Ine ndimalandira zonse ziwiri, koma ndimawauza kuti asasakanize pa ntchito imodzi. Wayamba ndi -da-, amalize ndi -da-. Tiyamike, iwe tsata zomwe akukuuza okuyang'anirawo pomwe uli m'manja mwawo, ndipo uone buku la ophunzira la kalasi yako kuti likulemba chiyani.

A Gondwe: Zosasakanizazo ndagwirizana nazo. Zinazo tisiyane pomwepo a Mbewe.

Madamu Jere: Pamimba pomwepo, chomwe chimavuta kwanga si -na- ndi -da- ayi. Ndi chiganizo chomwe chilibe mawu a nthawi. Mwana azinga chiyani?

Madamu Nachisale: Ayang'ane mneni wina yemwe ali kale m'chiganizomo. "Mvula itasiya, ana ______ kusukulu." Palibe dzulo, koma itasiya akutiuza kuti nkhaniyi ndi yakale: anapita. "Mvula ikasiya, ana ______ kusukulu." Ikasiya ndiye kuti sinasiye: apita kapena adzapita. Kusiyana kwake ndi -ta- ndi -ka- basi. Ngati palibenso mneni wina, abwerere ku malangizo a pamwamba pa ntchito, chifukwa nthawi zambiri mpomwe timalemba kuti "m'nthawi yakale". Ana ambiri malangizowo sakopera n'komwe, amayambira pa nambala 1.

Ndipo omwe analemba zidzadyedwa aja ndinawafunsa. Awiri anati ankafuna kulemba zidadyedwa, dzanja linaponyamo z. Ndiye pozinga dzulo, mwana atchule mimba ya mneni payokha: da kapena dza?

Che Saidi: Chinanso cha kumchira chomwe sindikuchiona: l ndi r. Makope anga adzaza ndi phikila, lembela, gulila. Pakamwa zimamveka chimodzimodzi, ndiye kuwerenga mokweza sikungagwire.

A Mbewe: Limenelo ndi lamulo la maso, la khutu ayi. Pambuyo pa i kapena e timalemba r. Pambuyo pa a, o, u timalemba l. Mawu abwino ophunzitsira ndi gulira, chifukwa ali nazo zonse: l watsatira u, r watsatira i. Kololera chimodzimodzi, ma l awiri atsatira o, r watsatira e. Ubwino wake ndi woti mchira wa -ira ndi -era nthawi zonse umayamba ndi i kapena e, ndiye nthawi zonse ndi r. Mwana akaona -ila kapena -ela kumapeto kwa mneni, asaganize kawiri, akonze.

Koma muwachenjeze kuti l woyamba tsinde sasintha ngakhale kumbuyo kwake kubwere i. Ndilemba, tilime, zilowe. Ana akangomva lamulo lija amayamba kulemba ndiremba. N'chimodzimodzi ndili, tili, zili. Achikulire ambiri amalemba ndiri ndi ziri chifukwa ndi mmene zidalembedwera m'mabuku akale, koma kalembedwe ka kusukulu lero ndi ka l.

Tiyamike: Nanga tulukitsa? Mwana wina analemba "mphunzitsi anatulukitsa ana" ndipo lamulo la u walitsata bwinobwino.

A Mbewe: Apo mpomwe lamulo la malembo a liwu limathera. Limakuuza kuti ngati mchira ndi -itsa kapena -etsa, usankhe uti. Silikuuza kuti aneni ena amadula njira. Ambiri othera ndi -ka amataya -ka n'kutenga -tsa: tuluka, tulutsa. Dzuka, dzutsa. Choka, chotsa. Tsika, tsitsa. Ena othera ndi -ra amatenga -za: kwera, kweza. Koma si onse, phika amapita ku phikitsa, seka ku seketsa. Izi musaziike m'kakalata, zingakalemeretse. Ndi phunziro la tsiku lake.

Madamu Nachisale: Ndikuopa zomwezo, kakalata kasanduka buku. Ndasankha zolowa ndi zotsala. Gawo la kumutu ndawonjezera chiganizo chimodzi: "Phimbani mawu a pakati, muwerenge dzina ndi mneni moyandikana." La pamimba ndawonjezera: "Ngati palibe mawu a nthawi, onani mneni winayo kapena malangizo a pamwamba." La kumchira ndalilembanso lonse, likumveka chonchi:

"Kumchira. Dzina lija mwajambula mzere, likuchita kapena zikulichitikira? Ngati zikulichitikira ndipo wochitayo watchulidwa, mneni athere ndi -dwa. Kenaka phimbani a wa kumapeto kwa mneni yemwe mwapatsidwa, mubwerere m'mbuyo mpaka mupeze lembo la liwu. A, i, u amaitana i. E ndi o amaitana e. Mukapanda kupeza lililonse, monga pa kudya ndi kumwa, lembani e. Mukaona -ila kapena -ela, sinthani l akhale r."

Pansi ndalemba njira ya a Gondwe, kuti ayende maulendo atatu. Ndipo funso la mbuzi lija ndiliika pambali pake litajambulidwa kale, mzere kunsi kwa mbuzi, dzulo atazingidwa, kuti aziona chitsanzo.

A Gondwe: Pa kudya mwana akaphimba a apeza u wa ku-. Nenani kuti ku- achotsedwe kaye.

Madamu Nachisale: Zoona. Ndasintha, ndati "chotsani ku-, phimbani a".

Madamu Jere: Mwasiya kukana. "Dzulo sindinapita" ndimamuona tsiku lililonse.

Madamu Nachisale: Ntchito ya sabata ino ilibe ziganizo zokana. Tikafika pamenepo ndidzamata kapepala kena kunsi: mneni akayamba ndi si- kapena sa- ndipo pamimba pali -na- kapena -da-, athere ndi e. Sindinapite, sanadye, sizidabwere.

Bambo a Dalitso: Ine ndayesa njirayi pa kope la Dalitso usiku uno ndipo tagwira zolakwa ziwiri, zonse za kumutu. Koma pali funso lina latikanika tonse awiri. "Mwana ndi galu wake ______ kumunda dzulo." Mzere tijambule pati? Iye analemba anapita. Ine ndimati zinapita, koma kunena mwana kuti zinapita sikukundikomera.

A Mbewe: Pamenepo anapita ali bwino, chifukwa mwana ndi galu onse ndi a gulu limodzi, ana, agalu. Zikadavuta akadati mwana ndi mbuzi yake. Zinthu zokhazokha za magulu osiyana timazipatsa zi-: khasu ndi nkhwangwa zasowa. Koma munthu ndi chiweto, Mchewa amazemba, amati mwana anapita ndi mbuzi yake.

A Gondwe: Ine "mwana ndi mbuzi yake anapita" ndingachonge kuti wakhoza. Munthu ndiye amatsogola.

Che Saidi: Ine ndingadule funsolo, osati mwanayo.

Madamu Nachisale: Pa ntchito yanga funso lotero sililowa. Ndikamata kakalataka Lolemba m'mawa, ndipo Lachitatu ndiwapatsa ziganizo zisanu ndi chimodzi, ziwiri mwa izo zokhala ndi dzina lachiwiri pafupi ndi mpata ngati cha agogo chija. Madamu Jere, mukayesa kwanuko ndi gawo la kumutu lokha mutiuze kuti mizere ikugwera pati.

Madamu Jere: Ndidzatero. Nditumizireni ziganizo zanuzo kuti ana athu ayankhe zofanana, koma cha fisi ndisintha ndiike mbava, chifukwa ndikufuna ndione ngati alembe zinabedwa kapena zinabidwa.